Invoisi ya K1.5 miliyoni, m'thumba K492,000

Tsiku lotumiza invoisi limakoma. Wojambula zithunzi amene wathera sabata yathunthu m'midzi ya ku Ntchisi akujambula zitsime zatsopano za bungwe lina amakhala pansi, amalemba K1,500,000 pansi pa pepala, amatumiza ku ofesi ya maakaunti, ndipo usiku womwewo ndalamayo imakhala itagawidwa kale m'mutu. Lendi yalowa, fizi ya mwana yalowa, malata a kumudzi alowanso. Ena amafika potenga katundu pangongole kugolosale atatsamira pepala lomwelo.

Nambala imeneyo si malipiro ake. Wolembedwa ntchito akalandira pepala la salale amapeza zonse zitachotsedwa kale, msonkho ndi penshoni, ndipo chotsala pansi ndi chake chodyera. Wodzilemba yekha ntchito, kaya ndi wojambula, womasulira zilankhulo, wokonza makompyuta kapena wochita kafukufuku wa mabungwe, alibe womuchitira masamu amenewa. Iye mwini ndiye bwana, ndiye kalaliki wa maakaunti, ndiyenso banki yokongoza makasitomala ake popanda chiwongola dzanja.

Kuti nkhaniyi ioneke bwino, tiyerekeze za mayi wina wa ku Lilongwe wojambula zithunzi ndi makanema. Pachaka amalemba mainvoisi 12, iliyonse ya pafupifupi K1,500,000, zonse pamodzi K18 miliyoni. Mainvoisi 8 amapita ku mabungwe ndi makampani, pomwe 4 ndi a maukwati ndi zinkhoswe za anthu wamba. Tiitsatire invoisi imodzi ya bungwe kuchokera tsiku yalembedwa kufikira pamene yasanduka ufa ndi ndiwo.

Choyamba kuchoka ndi ndalama imene inapita kale ntchito isanathe. Ulendo wa ku Ntchisi unadya mafuta, malo ogona, chakudya ndi ganyu ya mnyamata wonyamula zida ndi kugwira maiki, zonse K220,000. Palinso zina zimene sizikhala za ntchito imodzi koma zimalipiridwa mwezi ndi mwezi, monga bandulo ya intaneti, mayunitsi a magetsi, pulogalamu yokonzera makanema ndi kukonzetsa zida zikafa. Kwa mayiyu zimenezi zimakwana K80,000 pamwezi, ndipo poti amagwira ntchito imodzi yaikulu pamwezi, yonseyo imagwera pa invoisi imeneyi. Zolowa zonse ndi K300,000, phindu ndi K1,200,000. Gawo ili n'losavuta, ndipo ambiri amalidziwa, ngakhale kuti malisiti ake amathera m'matumba a malaya n'kuchapidwa.

Msonkho ndiye umafuna kufatsa, chifukwa umabwera ndi nkhope ziwiri zimene anthu amazisokoneza.

Nkhope yoyamba ndi msonkho wodulidwiratu, umene a maakaunti amautchula kuti widiholiding'i. Bungwe kapena kampani ikamalipira munthu chifukwa cha ntchito yaukatswiri, malamulo a msonkho amailamula kudula K20 pa K100 iliyonse ndi kuitumiza ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Pa invoisi ya K1,500,000 zikutanthauza kuti K300,000 siifika n'komwe m'manja mwa mayiyu. Ku akaunti yake kumalowa K1,200,000. Amene akuyamba kumene amakwiya pa tsiku limeneli, ena amaimba foni kufunsa ngati wina waba. Palibe waba. Koma tiyenera kuona kuti kudulako kumawerengeredwa pa invoisi, osati pa phindu. Wodula sadziwa kuti mafuta a ku Ntchisi anadya zingati. N'chifukwa chake odziwa amakambirana ndi a maakaunti ntchito isanayambe, kuti ndalama ya mayendedwe ndi malo ogona iyenda bwanji, bungwe lilipira lokha kapena ilowa mu invoisi.

Pomwepa pali kamsampha ka masamu kamene kagwetsa ambiri. Munthu wofuna kuti m'manja mwake mufike K1,000,000 amaganiza kuti angowonjezera 20 peresenti n'kulemba K1,200,000. Akadula 20 peresenti ya K1,200,000, yomwe ndi K240,000, amalandira K960,000. Njira yolondola ndi kugawa ndalama yofunikayo ndi 0.8, ndipo yankho lake ndi K1,250,000. Kusiyana kwa K40,000 kumeneko ndi mafuta a ulendo wina.

Nkhope yachiwiri ndi msonkho weniweni wa pachaka. Wodulidwiratu uja ndi ngati dipoziti chabe. Chaka chikatha, munthu wa bizinesi amayenera kupereka ku MRA lipoti la zimene wapeza, pasanathe masiku 180, ndipo msonkho umawerengeredwa pa phindu la chaka chonse. Zimene anadulidwa kale zimachotsedwa pa msonkhowo. Ngati anadulidwa zochepa amawonjezera, ngati anadulidwa zambiri ali ndi ufulu wopempha kuti zibwezedwe kapena zisungidwire mtsogolo.

Titenge magawo a msonkho amene anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024. Pamwezi, K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, K2,050,000 yotsatira 30 peresenti, ndipo yopitirira pamenepo 35 peresenti. Magawo amenewa amasintha nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, choncho wochita masamu ake lero atenge a chaka chimene akuwerengera, koma kawerengedwe kake n'komweko. Phindu la mayi wathu pachaka ndi K14,400,000. Pa K1,800,000 yoyamba salipira kanthu. Pa K4,200,000 yotsatira alipira K1,050,000. Pa K8,400,000 yotsalayo alipira K2,520,000. Msonkho wonse ndi K3,570,000, ndipo tikaugawa pa mainvoisi 12, iliyonse ikusenza K297,500. Tingoti K300,000.

Zikuoneka ngati zangokwanirana, popeza bungwe linadula K300,000 yomweyo. Pa invoisi iyi inde. Koma kumbukirani maukwati aja. Atate a mkwatibwi sadula msonkho, amangotumiza ndalama yonse pa Airtel Money kapena Mpamba, mwinanso kupereka pamanja. Ndalamayo imafika yathunthu, imakoma, ndipo imadyedwa yathunthu. Pakutha pa chaka, mabungwe 8 aja amakhala atadula K2,400,000, pomwe msonkho wonse ndi K3,570,000. Pakutsala ngongole ya K1,170,000 imene palibe anamusungira, ndipo inayenera kuchokera m'maukwati muja, pafupifupi K300,000 pa ukwati uliwonse. Malamulo sadikiranso kuti chaka chithe. Wa bizinesi amayenera kulipiriratu msonkho miyezi itatu iliyonse, ndipo wochedwa amaonjezeredwa chilango.

Wodulidwa naye asagone tulo. K300,000 ija imakhala yake pokhapokha pali umboni. Bungwe likadula liyenera kupereka setifiketi yosonyeza kuti ladula zingati, ndipo ndalamayo iyenera kulembedwa pa TPIN yake, nambala ya wokhoma msonkho. Zimachitika kuti kalaliki walakwitsa nambala imodzi, kapena kampani yadula koma sinatumize. Zikatero mayiyu walipira msonkho umene mabuku sakuudziwa, ndipo akhoza kuulipiranso kachiwiri. Njira yodziwira ndi kulowa mu Msonkho Online mwezi ukatha ndi kuona ngati ndalamayo ikuoneka. Kufunsa setifiketi patatha miyezi 10, kalaliki uja atasiya ntchito, ndi kusaka singano mu udzu.

Mpaka pano, pa K1,500,000 pachoka K300,000 ya zolowa ndi K300,000 ya msonkho. Patsala K900,000.

Penshoni ndi gawo limene limadumphidwa kwambiri, chifukwa palibe amene amabwera kudzaifunsa. Mwini nyumba amagogoda, MRA imalemba kalata, koma ukalamba sutumiza uthenga. Kwa olembedwa ntchito, lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, n'kulembedwanso mwatsopano mu 2023, limati bwana aziika zosachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito aziika zosachepera 5 peresenti. Zonse pamodzi ndi 15. Mnzake wa mayiyu amene amagwira ntchito muofesi amangoona 5 peresenti ikuchoka pa salale yake, 10 inayo amamuikira popanda iye kuimva kuwawa. Wodzilemba yekha ndi bwana komanso wantchito, choncho kuti afanane ndi mnzakeyo ayenera kusenza zonse ziwiri. Pa phindu la K1,200,000, imeneyo ndi K180,000.

Ndalamayi ikuyenera kuikidwa pamalo amene dzanja silifika msanga. Yosungidwa pa foni kapena ku akaunti yodyera imatha pa maliro oyamba. Makampani oyendetsa penshoni monga NICO ndi Old Mutual alipo, ndipo lamulo la 2023 linatsegula khomo loti munthu aziika penshoni mwa kufuna kwake. Ena amasankha kugula masheya kapena kukongoza boma kudzera m'mabanki. Ena amati penshoni yawo ndi puloti ndi njerwa, ndipo m'dziko limene kwacha imagwa kawirikawiri maganizo amenewa si opusa. Chofunika pa masamu athu n'chakuti K180,000 imeneyo ichoke pa invoisi, ipite kumene yapita, isawerengedwe ngati yogulira ndiwo. Patsala K720,000.

Kasitomala akanakhala wolipira tsiku lomwelo, nkhani ikanathera apa. Koma invoisi ikalowa mu ofesi imayenda ulendo wake. Imayamba yadikira mkulu wa pulojekiti kuti avomereze kuti ntchito yagwirika. Kenako imapita kwa ogula zinthu kuti aifananize ndi LPO, chikalata chimene bungwe linaitanitsira ntchitoyo. Ikachoka apo imafika ku maakaunti, kumene malipiro amatuluka pa masiku oikika, mwina kawiri pamwezi, ndipo pamafunika anthu awiri osainira. Aliyense amene wadikirapo ndalama amawadziwa mayankho ake. Wosainira mmodzi wapita ku fildi. Sisitemu yagwa. Tikudikira fandin'gi kuchokera kwa madona. Mubwerenso Lachisanu. Invoisi yolembedwa kuti ilipiridwe m'masiku 30 imalipiridwa m'masiku 120, ndipo palibe amene amapepesa.

Ambiri amakutenga kudikira kumeneku ngati chinthu chongotopetsa mtima. Kwenikweni kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umawerengeka.

Mbali yoyamba ndi kukwera kwa mitengo. M'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Pa liwiro limenelo, miyezi inayi imakweza mitengo ndi pafupifupi K9 pa K100 iliyonse. Mayiyu akuyembekezera K1,200,000 ku akaunti, koma K220,000 mwa iyo ndi yobweza ngongole imene tiione posachedwa, ndiye yake ndi K980,000. Ikafika patatha miyezi inayi, imagula zinthu zimene tsiku lolemba invoisi zinali za pafupifupi K900,000. Nambala pa foni ndi yomwe ija, koma matumba a simenti kapena a chimanga amene ingagule achepa. Watayapo K80,000 popanda risiti.

Nthawi zina kutayako kumachitika usiku umodzi. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Invoisi ya K1,500,000 yolembedwa mu Okutobala chaka chimenecho inali ya madola pafupifupi 1,270. Yomweyo italipiridwa mu Disembala inali ya madola 880. Kwa munthu amene kamera, mabatire ndi mapulogalamu ake amagulidwa kunja, amenewo ndi madola 390 amene anasungunuka invoisi ili pa desiki kudikira saini. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Meyi 2022, kwacha inali itagwetsedwanso ndi 25 peresenti.

Mbali yachiwiri ndi ngongole. K220,000 ya ulendo wa ku Ntchisi inafunika ntchito isanayambe, ndipo bungwe silinapereke dipoziti. Mayiyu anaitenga ku banki mkhonde ya azimayi a kumpingo kwawo, kumene chiwongola dzanja tiyerekeze kuti ndi 10 peresenti pamwezi. Ankaganiza kuti abweza mwezi umodzi ukatha, n'kulipira K22,000. Chifukwa cha kuchedwa kuja walipira K22,000 kanayi, K88,000. Akanakhala kuti anathamangira kwa a katapila, chiwongola dzanja chokha chikanaposa ndalama imene anakongola. Chodabwitsa chake n'chakuti bungwe lokhala ndi magalimoto ndi maofesi layendetsa ntchito yake ndi ndalama za azimayi ogulitsa mandasi, ndipo chiwongola dzanjacho walipira ndi wojambula.

Mbali yachitatu ndi invoisi imene siidzalipiridwa konse. Kampani imatseka, pulojekiti imathetsedwa, kapena kasitomala amangosiya kuyankha foni. Amene ankagwira ntchito ndi mabungwe odalira thandizo la America anazionera okha kumayambiriro kwa 2025, boma la dzikolo litaimitsa thandizo lake lakunja ndipo mapulojekiti ambiri anaima mwadzidzidzi. Nambala ya chiopsezo chimenechi siipezeka m'buku lililonse kupatula kabuku ka mwini wake. Mayiyu akabwerera m'mbuyo zaka ziwiri apeza kuti pa mainvoisi 24, imodzi inafera m'njira. Imodzi pa 24 ndi pafupifupi 4 peresenti. Ndiye invoisi iliyonse imene yalipiridwa iyenera kusonkha 4 peresenti, K60,000, kuti tsiku limene ina yafa pakhale pogwira. Amene makasitomala ake ndi anthu wamba ndi timakampani tating'ono akhoza kupeza kuti yake ndi 10 peresenti. Amene alibe kabuku alibenso njira yodziwira.

Tikaphatikiza K80,000, K88,000 ndi K60,000 tikupeza K228,000. Tikaichotsa pa K720,000 ija patsala K492,000. Imeneyo ndiyo ya lendi, fizi, chakudya ndi mankhwala. Ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala imene inamusangalatsa tsiku lija. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo apa mphepo, boma, ukalamba ndi ulendo zagawana K1,008,000.

Wina akhoza kutsutsa kuti K180,000 ya penshoni ikadali ya mayiyu, ndipo K80,000 ya kukwera kwa mitengo sinatuluke m'thumba. N'zoona. Koma funso limene akufuna kuyankha ndi lakuti angadye zingati mwezi uno popanda kudzibera mawa, ndipo pa funso limenelo zonse ziwiri ziyenera kuchoka.

Phindu la masamu amenewa limaoneka pamene makasitomala awiri aima pakhomo. Tiyerekeze kuti kampani ina yaing'ono ikufuna ntchito yofanana, koma ikukana K1,500,000, ikuti ili ndi K1,300,000 basi. Ubwino wake, imapereka theka ntchito isanayambe ndipo yotsalayo imalipira m'masabata awiri. Poyang'ana pamwamba, mayiyu akutaya K200,000. Tiwerenge. Zolowa ndi zomwe zija, K300,000, phindu ndi K1,000,000. Msonkho ukutsika ndi K60,000, chifukwa K200,000 imene yachokayo ikanadulidwa 30 peresenti, ndiye ndi K240,000. Penshoni ndi K150,000. Patsala K610,000. Ku banki mkhonde sapitako, popeza dipoziti yalipira ulendo. Kukwera kwa mitengo m'masabata awiri kumudyera mwina K10,000, ndipo ya chiopsezo ija, 4 peresenti, ndi K52,000. Chotsala ndi K548,000.

Kampani yopereka zochepa ija yamusiyira K56,000 kuposa bungwe la dzina lalikulu, ndipo yamupulumutsa ku miyezi inayi yoimba foni ndi kukwera minibasi kupita ku ofesi kukamva za wosainira amene ali ku fildi. Izi sizikutanthauza kuti mabungwe akuluakulu ndi oti azikanidwa. Ambiri mwa iwo amalipira ndithu, ndipo dzina lawo limatsegula makomo ena. Zikutanthauza kuti mtengo wa wochedwa kulipira uyenera kukhala wina. Ngati kabuku kakusonyeza kuti kasitomala uyu amatenga miyezi inayi, kotesheni yake ikwere kuti ikwirire K168,000 ya mitengo ndi ngongole ija. Ndipo popeza chowonjezeracho chidzadulidwanso msonkho wa 30 peresenti, K168,000 igawidwe ndi 0.7, zimene zikupereka K240,000. Ntchito ya K1,500,000 kwa wolipira msanga ndi ya K1,740,000 kwa wochedwa.

Kukweza mtengo sikutheka nthawi zonse, makamaka kumene mabungwe amafuna makotesheni atatu n'kusankha wotchipa. Pamenepo chotsala ndi kufupikitsa ulendo wa invoisi. Kuchedwa kwambiri kumayamba ndi zinthu zazing'ono zimene mwini invoisi akanazipewa. Ntchito yoyambidwa ndi mawu a pafoni, popanda LPO kapena kontirakiti, ilibe poimira ku maakaunti, ndipo mwini wake amadzauzidwa kuti mapepala ayambirenso. Invoisi yopanda nambala ya LPO, yopanda TPIN, kapena imene dzina la akaunti ya kubanki likusiyana ndi dzina la pa kotesheni, imabwezedwa, nthawi zina patatha masabata atatu ili m'thireyi. Yotumizidwa tsiku limodzi malipiro a mwezi atatsekedwa imadikira mwezi wina. Wochenjera amafunsa ntchito isanayambe kuti malipiro amatuluka masiku ati ndiponso amene amalandira mainvoisi ndi ndani, chifukwa amene anapereka ntchito kawirikawiri si amene amalipira.

Dipoziti ndiyo mankhwala amphamvu kuposa onse. Ngakhale bungwe limene malamulo ake salola kulipira theka likhoza kuvomera kulipiriratu mayendedwe, kapena kugawa ntchito m'zigawo, chigawo chilichonse ndi invoisi yake. Ojambula ena amapereka zithunzi zoonetsera zokha zokhala ndi chidindo, zenizenizo n'kudikira malipiro. Kulemba pa invoisi kuti wochedwa adzalipira chiwongola dzanja kumathandiza ngati zinalembedwanso mu mgwirizano umene kasitomala anasainira. Zikangolembedwa pansi pa invoisi ntchito itatha, a maakaunti amaziwerenga ngati moni.

Zizindikiro zoti invoisi ikudwala zimaoneka msanga kwa wotchera khutu. Kasitomala amene wachedwa koma akutchula tsiku ndi pamene pepala lafika amakhala kuti alipira. Amene nkhani yake imasintha sabata iliyonse, amene wayamba kupeza zifukwa pa ntchito imene anaiyamikira kale, kapena amene akupempha ntchito yachiwiri yoyamba isanalipiridwe, ameneyo ndi woti asapatsidwenso ngongole. Ikadutsa masiku 90, foni siikwaniranso. Pamafunika kalata yolembedwa, yotchula ndalama, tsiku la invoisi ndi tsiku lomaliza kulipira, kuti ngati nkhani ifika kubwalo la milandu pakhale pepala loonetsa.

Masamu onsewa amafera pa pepala ngati ndalama yonse ikhala m'thumba limodzi. Amene akhalitsa pa ntchito yodzilemba okha amagawa ndalama tsiku lomwe yalowa, foni isanayambe kulira. Kwa mayi wathu, ukwati wa K1,500,000 ukalipiridwa, K300,000 imapita ku akaunti ya msonkho imene ilibe khadi la pa makina, K180,000 ku penshoni, K60,000 ku thumba la mainvoisi akufa, K300,000 kubweza zolowa, ndipo chotsala ndicho chimapita kunyumba. Ndalama ya bungwe ikalowa, ya msonkho yadulidwa kale, ndiye m'malo mwake amasunga setifiketi. Thumba la chiopsezo lija likakula limayamba kugwira ntchito ina, kulipira maulendo ngati wa ku Ntchisi, ndipo K88,000 imene inkapita ku banki mkhonde imatsala m'nyumba. Amene analembetsa VAT ali ndi thumba linanso, chifukwa VAT imene amawonjezera pa invoisi si yake ngakhale tambala imodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene K492,000 ija ikubisabe. Tawerengera ngati mayiyu amapeza ntchito mwezi uliwonse, koma ntchito za mabungwe zimazilala mu Disembala ndi Januwale, maukwati amachepa nthawi ya dzinja, ndipo wodzilemba yekha akadwala malungo palibe tchuthi cholipiridwa. Ngati mainvoisi 12 aja amabwera m'miyezi 9, ndalama ya miyezi 9 iyenera kudyedwa m'miyezi 12, ndipo mwezi umene kwalowa ziwiri si mwezi wogula sofa.

Kwa amene akufuna kudziwa nambala yake, poyambira ndi mainvoisi 10 omaliza. Pa iliyonse alembe tsiku imene inatumizidwa, tsiku ndalama inalowa, zimene zinadulidwa, zimene ntchitoyo inadya, ndiponso ngati setifiketi ya msonkho ili m'manja. Mainvoisi amene alibe setifiketi awaimbire foni Lolemba likudzali.